Lamulo lapambana pa mitengo yakale ya Bitcoin, koma pamsika weniweni likungodya ndalama: vuto lili pati?

Dandaulo ili ndalimva kambirimbiri, ndipo inenso ndinalidandaulapo. Munthu walemba lamulo losavuta logulira ndi kugulitsira Bitcoin, waliyesa pa mitengo ya zaka zapitazo, mzere wa phindu wakwera mokongola. Waika ndalama zenizeni, ndiye pakutha pa miyezi itatu thumba laphwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyererezo zimapezeka, koma muyenera kuzifufuza mwa ndondomeko, chifukwa mukayambira pa vuto lalikulu pamene pulogalamu yanu ili ndi cholakwika chaching'ono, mudzataya sabata yathunthu mukukonza pamalo posayenera.

Lamulo lomwe tiyese ndi lakale kwambiri. Mtengo wotsekera wa lero ukaposa mtengo wapamwamba kwambiri wa masiku 20 apitawo, timagula. Ukatsika kupitirira mtengo wotsika kwambiri wa masiku 10 apitawo, timagulitsa n'kukhala pambali. Ine ndimati mtengo waboola denga, kapena waboola pansi. Njirayi imadziwika ndi dzina la Richard Donchian, ndipo manambala 20 ndi 10 ndi omwe Richard Dennis ndi William Eckhardt anaphunzitsa gulu lawo la ochita malonda lotchedwa Turtles kuyambira mu 1983, pamodzi ndi ena awiri, 55 ndi 20. Kumbukirani manambalawa, tibwererako.

Mu Python, ndi `pandas`, lamulo lonse limakwana m'mizere yochepa:

```python
import pandas as pd

def yesa(df, lowa=20, tuluka=10, komishoni=0.0015):
    denga = df["high"].rolling(lowa).max().shift(1)
    pansi = df["low"].rolling(tuluka).min().shift(1)
    s = pd.Series(float("nan"), index=df.index)
    s[df["close"] > denga] = 1
    s[df["close"] < pansi] = 0
    pos = s.ffill().fillna(0).shift(1).fillna(0)
    ret = df["close"].pct_change().fillna(0)
    return pos * ret - pos.diff().abs().fillna(0) * komishoni
```

Mzere uliwonse wa `df` ndi kandulo imodzi ya tsiku, kutanthauza mtengo wotsegulira, wapamwamba, wotsika ndi wotsekera wa tsikulo, ndipo `index` yake ndi madeti. Ine ndimagwiritsa ntchito `BTCUSDT`, mtengo wa Bitcoin pa msika wa kiripito wa Binance, yomwe mbiri yake imayambira mu Ogasiti 2017.

Choyamba: pulogalamu ikusuzumira mawa

M'pulogalamuyi `shift(1)` ikugwira ntchito ziwiri zosiyana, ndipo iliyonse ikasowa imabweretsa matenda akeake.

Mukaiwala ya pa `denga`, simudzaona malonda ngakhale amodzi. Chifukwa chake n'chakuti denga lidzawerengera kandulo ya lero yomwe, ndipo mtengo wotsekera sungapose mtengo wapamwamba wa tsiku lomwelo. Cholakwika chimenechi n'chaulemu, chimadziulula chokha.

Chonyenga ndi chachiwiri, cha pa `pos`. Mukachiiwala, pulogalamu imakupatsani phindu la tsiku limene mtengo unaboola denga, ngati kuti munagula m'mawa mukudziwa kale mmene tsikulo litathere. Ndipo masiku oboola denga ndiwo masiku okwera kwambiri. Pa 2 Epulo 2019 Bitcoin inalumpha kuchokera cha pa madola 4,100 n'kutseka cha pa 4,850, kukwera koposa 15 peresenti tsiku limodzi. Ngati lamulo lanu linaboola denga tsiku limenelo, munagula pa 4,850, kukwerako kutachitika kale. Pulogalamu yosuzumira imakulemberani phindulo, ndiponso imakupulumutsani pa tsiku lililonse logwa limene linakutulutsani. Zotsatira zake ndi mzere wosalala ngati galasi. Mukaona mzere wotero pa Bitcoin, musakondwere, kayang'aneni `shift`.

Pali njira yosavuta yogwirira kusuzumira kwa mitundu ina, ngakhale siigwira kuiwala `shift` ya pa `pos`. Yendetsani pulogalamu pa deta yonse, musunge zomwe yaganiza pa tsiku lililonse. Kenako dulani masiku 200 omaliza, muyendetsenso. Zoganiza za masiku otsalawo ziyenera kufanana ndendende. Zikasintha ngakhale tsiku limodzi, penapake mukuwerengera zam'tsogolo, mwina kudzera mu `center=True`, `bfill()`, kapena avereji yomwe mwaiwerengera pa deta yonse.

Pali kanthu kena ka nthawi. Kandulo ya tsiku ya pa Binance imatseka pa `00:00 UTC`, yomwe ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique ndi 2 koloko usiku. Pulogalamu ikuganiza kuti mumagula pa mphindi imeneyo. Ngati mumagula ndi manja mukadzuka 6 koloko m'mawa, ndiye kuti mukuchita lamulo lina, losayesedwa. Tengani makandulo a ola limodzi, muyese kulowa mochedwa ndi maola anayi. Komanso kandulo yomaliza imene mwangoitsitsa nthawi zambiri imakhala isanatseke, ichotseni.

Chachiwiri: komishoni

Apa sindichedwapo. Komishoni wamba ya pa Binance ndi 0.1 peresenti pogula ndi 0.1 pogulitsa. Ine ndimaonjezera 0.05 peresenti mbali iliyonse chifukwa mtengo umene mumaupeza umasiyana pang'ono ndi umene munauona, n'chifukwa chake m'pulogalamumo muli `0.0015`. Kulowa ndi kutuluka kamodzi kumadya 0.3 peresenti. Pa malonda 10 pachaka, zimenezi ndi 3 peresenti chabe. Koma mukasamutsira lamulo lomweli pa makandulo a ola limodzi n'kuchita malonda 100, masamu ake ndi `0.997 ** 100`, pafupifupi 0.74, kutanthauza kuti gawo loposa limodzi mwa anayi a thumba lapita mtengo usanachite chilichonse. Chulukitsani komishoni kawiri muyesenso. Lamulo limene limafa pamenepo linali lofooka kale.

Vuto lenileni: mwasokera lamulo pa thupi la mbiri

Tinene kuti zonse ziwirizi mwakonza. Phindu latsika, ndiye mtima ukuyamba kukuuzani kuti mwina 20 si nambala yabwino, bwanji 25, bwanji 35? Mukulemba kapulogalamu koyesa masiku olowera kuyambira 5 mpaka 100 modumpha asanu asanu, ndi masiku otulukira kuyambira 5 mpaka 50. Amenewo ndi manambala 20 kuchulukitsa ndi 10, mayeso 200. Kompyuta ikumaliza m'masekondi ochepa, inu n'kusankha wopambana.

Apa ndi pamene nyerere zambiri zimalowera. Odziwa za masamuwa amati ovafitingi. Zili ngati telala amene wasoka suti motsatira thupi la munthu mmodzi, mpaka phewa lake lopendekeka ndi kamimba kake. Mwiniwakeyo imamukhala bwino zedi, koma wina aliyense akaivala imathina. Mitengo ya mawa ndi munthu winayo.

Kuti muone kukula kwa vutoli, sonkhanitsani anthu 200, aliyense aponye m'mwamba ndalama yachitsulo kasanu ndi katatu. Mwayi woti munthu mmodzi apeze mutu ulendo uliwonse ndi 1 pa 256, wochepa ndithu. Koma mwayi woti pagulu lonselo papezeke mmodzi wotero ndi pafupifupi 54 peresenti. Mukamupeza, simunganene kuti ali ndi dzanja la mankhwala. Zoona, mayeso 200 a lamulo lathu si odziimira paokha ngati oponya ndalamawo, chifukwa 35 ndi 40 amagula pafupifupi masiku omwewo. Komabe mfundo ndi yomweyo: wopambana pa gulu lalikulu amakhala atathandizidwa ndi mwayi, ndipo mwayiwo sukutsatani ku msika weniweni.

Pa Bitcoin vutoli limakula chifukwa cha chinthu chimene ambiri sachiona. Zaka zinayi, kuyambira 2018 mpaka 2021, zili ndi makandulo 1,461, ndipo munthu amamva ngati ali ndi umboni wochuluka. Koma lamulo loboola denga silipanga chiganizo tsiku lililonse. Werengani malonda amene linachita: mudzapeza makumi ochepa chabe. Mwa amenewo ambiri amaluza pang'onopang'ono, ndipo phindu lonse limachokera ku ochepa amene anakumana ndi kukwera kwakukulu, monga kwa pakati pa Epulo ndi Juni 2019, kapena kwa kumapeto kwa 2020 kulowa mu 2021. Ndiye kuti mukusankha mwa mayeso 200 potengera zochitika zowerengeka ndi zala.

Chitsanzo chabwino ndi Marichi 2020. Bitcoin inakwera mu Januwale mpaka kupitirira madola 10,000 pakati pa Febuluwale, kenako n'kuyamba kutsika. Lamulo lotuluka pa masiku 10 linagulitsa kumapeto kwa Febuluwale. Pa 12 Marichi mtengo unagwa pafupifupi 40 peresenti tsiku limodzi, kuchokera cha pa 7,900 kufika kunsi kwa 5,000. Lamulo lotuluka pa masiku 100 likanakhala lidakali mkati, poti pansi pake panali cha pa 6,500, mtengo wa mu Disembala 2019, ndipo likanamenyedwa ndi kugwa konseko. Tsiku limodzi ngati limeneli likhoza kusankha wopambana pa mayeso anu onse. Funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti, kodi nambala imene ndasankhayi ili ndi nzeru yake, kapena inangozemba tsiku limodzi loipa?

Pali mayeso atatu amene ndimachita pofuna kuyankha funsoli.

Oyamba ndi kuyang'ana anansi a wopambana. Ikani zotsatira zonse 200 pa tebulo, masiku olowera m'mizere, otulukira m'mbali. Tiyerekeze kuti 35 ndi 15 anachulukitsa thumba kasanu ndi kamodzi, koma 30 ndi 15 anachulukitsa kawiri, 40 ndi 15 kawiri ndi theka, 35 ndi 20 kawiri. Manambalawa ndangopeka kuti muone maonekedwe ake. Wopambana wotero ndi chulu pakati pa dambo. Palibe chifukwa chomveka choti msika ulemekeze masiku 35 n'kunyoza 30. Zoyembekezera zanu zenizeni zili pafupi ndi za anansiwo, kawiri kapena kucheperapo. Chimene mukufuna ndi dera lotambalala pamene manambala onse kuyambira 20 mpaka 60 akuchita mofananako, ndiye musankhe wa pakati, ngakhale si iye ali pamwamba.

Achiwiri, chotsani malonda atatu opambana kwambiri, muone chotsala. Musadabwe chikachepa kwambiri, chifukwa malamulo otsata kukwera kwa mitengo amadya chotero. Cholinga si kulitaya lamulolo koma kudziwa kuti likudalira zochitika zingati. Ngati kuchotsa malonda amodzi okha kukusandutsa phindu kukhala kuluza, umboni wanu wonse ndi nkhani imodzi.

Achitatu, tengani manambala omwewo, osasintha kanthu, muwayese pa `ETHUSDT`. Musayembekezere phindu lofanana. Komanso musawakhulupirire kwambiri mayesowa, popeza Bitcoin ndi Ethereum zimakonda kukwera ndi kugwa limodzi, moti zili ngati mboni ziwiri za m'nyumba imodzi. Koma lamulo likapambana kwambiri pa imodzi n'kugwa chagada pa inzake, mwaphunzira kanthu.

Kugawa mbiri, ndi kudziletsa

Mankhwala odziwika ndi kugawa deta musanayambe kuyesa. Ine ndimagawa patatu: 2018 mpaka 2021 n'kophunzirirapo, 2022 mpaka 2023 n'koonerapo ngati zomwe ndasankha zikugwirabe, ndipo kuyambira 2024 ndimakiya.

```python
r = yesa(df, 20, 10)
phunziro = r["2018":"2021"]
kuona = r["2022":"2023"]
print((1 + phunziro).prod(), (1 + kuona).prod())
```

Onani kuti ndikuyendetsa `yesa` pa deta yonse kenako n'kudula zotsatira. Mukadula deta kaye, masiku 20 oyamba a gawo lililonse amakhala opanda denga, ndipo malonda amene anadutsa pa 1 Januwale amasowa. Kuyendetsa pa deta yonse sikusuzumira mawa, bola mayeso odula masiku 200 aja munawakhoza.

Kagawidwe kameneka ndinakasankha dala. Gawo loyamba lili ndi kugwa kwa 2018, pamene mtengo unachoka pafupi ndi madola 20,000 a mu Disembala 2017 n'kufika cha pa 3,200, lili ndi Marichi 2020, lilinso ndi kukwera kofika cha pa 69,000 mu Novembala 2021. Gawo lachiwiri lili ndi chaka chowawa cha 2022, chimene mtengo unafika cha pa 15,500 msika wa FTX utagwa mu Novembala, ndi miyezi yambiri ya pakati pa 2023 pamene mtengo unkangozungulira pakati pa 25,000 ndi 31,000. Nyengo yozungulira ngati imeneyi ndiyo mdani wa lamulo lathu. Mtengo umaboola denga, mumagula, umabwerera, mumagulitsa moluza, n'kuyambiranso. Munthu amene waphunzirira pa 2020 ndi 2021 pokha sanakumane ndi mdaniyu mokwanira.

Chovuta si kugawa, chovuta ndi kudziletsa. Mwasankha manambala, mwawayesa pa 2022 mpaka 2023, aluza. Mukubwerera, mukuonjezera sefa yoti muzigula pokhapokha mtengo uli pamwamba pa avereji ya masiku 200, mukuyesanso. Zakomako. Mukusintha 200 kukhala 150. Pofika ulendo wachisanu, gawo lachiwiri lasanduka lophunzirirapo, ngakhale m'maganizo mwanu mukulitchabe loonerapo. Ine ndinachitapo zimenezi usiku wonse, n'kugona ndikudziona ngati katswiri, pomwe ndinangosoka suti ina. N'chifukwa chake pali gawo lachitatu, ndipo limatsegulidwa kamodzi kokha, lamulo litamalizidwa ndi kulembedwa. Likalephera pamenepo, lalephera. Mukalikonza pambuyo poona zotsatirazo, mboni yosadetsedwa imene yatsala ndi miyezi imene isanafike.

Sungani kabuku. Mayeso aliwonse, ngakhale amene mwawataya pa mphindi imodzi, alembedwe: tsiku, manambala, gawo la deta, zotsatira. Phindu la lamulo limene linatuluka pa kuyesa koyamba ndi phindu lomwelo lotuluka pa kuyesa kwa 340 sizilemera mofanana, koma popanda kabuku mudzakumbukira mayeso asanu okha.

Pano ndibwerere ku manambala a Turtles aja. Ubwino wa 20 ndi 10, kapena 55 ndi 20, si wakuti ndi amatsenga. Ubwino wake ndi wakuti anasankhidwa Bitcoin kulibe, pa misika ina, choncho palibe amene anawasokera pa mitengo imene mukuyesayi. Mukayamba ndi awiriwa n'kuima pomwepo, mwachita mayeso awiri okha, ndipo zotsatira zake, zikome kapena ziipe, n'zodalirika kuposa wopambana mwa 200. Maganizo anga ndi akuti deta ya tsiku ya Bitcoin ingathe kunyamula manambala awiri osintha, atatu n'kukakamiza. Sefa iliyonse yoonjezera ikhale ndi chifukwa chimene mungachifotokoze musanayang'ane zotsatira.

Ena amakonda kuyesa moyenda: kusankha manambala pa zaka ziwiri, kuwagwiritsa ntchito miyezi isanu ndi umodzi yotsatira, kusuntha, kusankhanso, kenako kulumikiza zidutswa za miyezi isanu ndi umodzizo kukhala mzere umodzi. Njirayi n'njabwino, ndipo imaulula chinthu china: ngati nambala yosankhidwa ikudumpha kuchokera pa 15 kupita pa 80 kenako pa 25, mukuthamangitsa phokoso. Koma zaka ziwiri zili ndi malonda ochepa kwambiri, ndipo kutalika kwa zidutswazo nakonso ndi manambala amene mungawasokere. Fananizani zotsatira zake ndi za 20 ndi 10 osasintha. Zikalephera kuposa, kusankhasankhako kulibe ntchito.

Pali malire amene kugawa sikungawachotse. Inu mukudziwa kale zimene Bitcoin inachita, kuti inaposa madola 73,000 mu Marichi 2024 ndi 100,000 mu Disembala chaka chomwecho. Ngakhale kusankha lamulo longogula, losabetcha pa kugwa kwa mtengo, pa chinthu chimene mukudziwa kuti chinakwera kwambiri, ndi kusuzumira kwa mtundu wina.

Mukayesa ndalama zambiri nthawi imodzi

Izi zikutifikitsa pa msampha wina. Mukatenga ndalama za kiripito 20 zikuluzikulu za lero n'kuyesa lamulo pa mbiri yawo, mwasankha zopulumuka zokhazokha. LUNA inali m'gulu la khumi zazikulu kumayambiriro kwa Meyi 2022, pa mtengo wa madola oposa 80, ndipo pasanathe masabata awiri inali yosakwana senti imodzi. Pa mndandanda wa lero malo akewo palibe, choncho mayeso anu sakumana nayo. Mndandanda uyenera kukhala wa zimene zinali zazikulu pa nthawi imene mukuyesayo. Deta ya ndalama zimene zinachotsedwa pamsika imavuta kupeza, ndipo ngati simunaipeze, khalani pa Bitcoin ndi Ethereum.

Kuwerenga zotsatira

Phindu palokha silinena zambiri. Muliike pambali pa la munthu amene anangogula n'kusunga pa masiku omwewo. M'zaka zokwera kwambiri wosungayo nthawi zambiri amakuposani, chifukwa inu mumalowa mochedwa ndi kutuluka mochedwa. Pamene lamulo loboola denga liyenera kuonetsa ntchito yake ndi pa kugwa. Wosunga anaona thumba lake likutsika ndi 77 peresenti kuchokera pa 69,000 kufika pa 15,500. Lamulo lanu linatsika bwanji?

```python
thumba = (1 + r).cumprod()
kugwa = (thumba / thumba.cummax() - 1).min()
```

Werenganinso miyezi imene thumba linakhala kunsi kwa nsonga yake yakale, ndi malonda angati amene analuza motsatizana. Manambala awiriwa ndi amene adzakuthandizeni mukayamba zenizeni. Ngati pa mbiri lamulo linaluza kasanu ndi kamodzi motsatizana, kuluza kanayi pa miyezi itatu yoyamba sikusonyeza kuti lafa. Ngati mukuwerengera `Sharpe`, nambala yoyerekeza phindu ndi kugwedezeka kwake, chulukitsani ndi `365 ** 0.5`, osati 252 ya misika ya masheya, popeza kiripito siipuma Loweruka ndi Lamlungu.

Musanaike ndalama, liyendetseni papepala kwa miyezi ingapo, mukulemba tsiku ndi mtengo umene mukanagulira. Pakutha pa mwezi uliwonse tsitsani makandulo atsopano, muyendetse `yesa` pa deta yonse n'kudula mwezi womwewo, mufananize ndi za papepala. Masiku olowera akasiyana, bwererani ku `shift` ndi ku nthawi yotsekera kandulo. Masiku akafanana koma mitengo n'kusiyana kuposa 0.05 peresenti imene munaonjezera, kwezani `komishoni` muyesenso mbiri yonse. Zonse zikafanana koma lamulo likuluza, pulogalamu ilibe vuto, ndipo poyang'ana ndi pa tebulo la anansi lija ndi m'kabuku ka mayeso.